Kupeza nambala ya e ndi pensulo ndi pepala basi, popanda kalikuleta

Mukadina e pa kalikuleta imakupatsani 2.718281828 nthawi yomweyo ngati ndi zaufiti, koma manambala amenewo mutha kuwatulutsa nokha papepala limodzi, ndipo zofunika kudziwa ndi kugawa ndi kuphatikiza basi. Palibe kuchulukitsa manambala ataliatali, palibe tebulo la malogi. Pomaliza tikhala ndi 2.7182818 yolondola mpaka madijiti 7 pambuyo pa pointi, komanso tikhala tikudziwa chifukwa chake tikunena kuti ndi yolondola, osati kungokhulupirira poti yafanana ndi ya mu kalikuleta.

Chida chathu ndi fomula iyi, imene a masamu amaitcha pawa siriizi ya e^x:

```
e^x = 1 + x + x^2/2! + x^3/3! + x^4/4! + ...
```

Kachizindikiro ka ! kameneko ndi fakitoriyo, kutanthauza kuti muchulukitse manambala onse kuyambira 1 mpaka nambalayo. Ndiye 3! ndi 1 × 2 × 3 = 6, 4! ndi 24, 5! ndi 120, ndipo imathamanga koopsa moti 10! yafika kale pa 3628800. Timadontho ta kumapetoto tikutanthauza kuti mndandandawu sutha, umangopitirira. Musaope zimenezo, tiudula penapake ndipo tidziwa kukula kwa zomwe tataya.

Tisanayambe kuwerengera ndinene pang'ono komwe mafakitoriyo achokera, chifukwa mukazimvetsa izi simudzaiwalanso fomula. Amene munachitako kalikyulasi mukudziwa kuti e^x ili ndi khalidwe lakelake, mukaidifarensheta imakubwezerani e^x yomweyo, ndipo pa x = 0 imakhala 1. Ndiye tayesani kudifarensheta mndandandawo chidutswa ndi chidutswa. 1 woyambayo amasanduka 0, x amasanduka 1, x^2/2 amasanduka x, x^3/6 amasanduka 3x^2/6 yomwe ndi x^2/2, x^4/24 amasanduka 4x^3/24 yomwe ndi x^3/6. Mwaona? chidutswa chilichonse chikusanduka chinzake cha kumanzere kwake, mndandanda wonse wangosuntha malo amodzi nkukhalanso momwe unalili. Kuti zimenezi zitheke, nambala ya pansi iyenera kumeza pawa imene ikutsika kuchokera pamwamba, 3 amezedwe pa x^3, 4 amezedwe pa x^4, ndiye pansipo pamangounjikana 1 × 2 × 3 × 4 mpaka kutsogolo. Fakitoriyo yachokera pamenepo, palibenso nambala ina ingagwire ntchitoyo. Ngati kalikyulasi simunaifikebe palibe vuto, dumphani ndimeyi, zotsatirazi sizikufuna zimenezo.

Isaac Newton anali nawo kale mndandanda umenewu mu zolemba zake za 1669, ndipo Leonhard Euler, amene anabweretsa chilembo cha e, anaulongosola bwino mu buku lake la 1748 nkuwerengera nawo e pamanja. Ndiye njira yomwe titsate panoyi ndi yomweyo ya akuluakulu aja.

Tsopano e ndi e^1, ndiye paliponse pali x tiikapo 1. Ubwino wake 1 olo mumukweze pawa yanji amakhalabe 1, pamwamba ponse pangotsala ma 1:

```
e = 1 + 1 + 1/2! + 1/3! + 1/4! + 1/5! + ...
```

Apa ndi pomwe ambiri amadzizunza okha. Amayamba kupeza 7! = 5040 kenako nkugawa 1 ndi 5040 pa ndondomeko yaitali ija, kenako 1 ndi 40320, kenako 1 ndi 362880, pofika apa munthu watopa ndipo wasochera kale penapake. Osatero ayi. Chidutswa chilichonse chimachokera ku chinzake cha m'mbuyo, mukakhala ndi 1/4! mungoigawa ndi 5 mwapeza 1/5!, imeneyo mugawe ndi 6 mwapeza 1/6!, choncho choncho. Ntchito yonse ndi kugawa ndi 2, 3, 4 mpaka 11, manambala oti mwana wa pulayimale amagawa nawo.

Chachiwiri, musanalembe kalikonse sankhani kuti mugwira ntchito ndi madijiti angati pambuyo pa pointi, ndipo muwonjezerepo apadera. Lamulo langa ndi loti ngati mukufuna madijiti 6 olondola, gwirani ndi 8. Awiri owonjezerawo ndi oti zinyalala za kuraunda zizigwera mmenemo osakhudza yankho, muona kutsogoloku kuti zimagweradi. Pano tigwira ndi 8.

Chachitatu ndi kanzeru kopewera maziro, chifukwa maziro ndi amene amapha anthu pa ntchito imeneyi. M'malo molemba 0.00002480 nkumawerenga maziro ndi nsonga ya pensulo, iwalani kaye za pointi. Lembani 1 ngati 100000000, ndiye kuti 1 ndi maziro 8, muzigawa ngati manambala athunthu, pointi mudzaibwezera kumapeto. Mukagawa nkutsala kenakake, raundani, chotsalacho chikafika theka kapena kuposa mukweza ndi 1, chikachepera theka mungochitaya.

Tiyeni tiyende nazo. Mzere woyamba 100000000, wachiwiri 100000000 yomweyo poti kugawa ndi 1 sikusintha kanthu. Kugawa ndi 2 tipeza 50000000. Imeneyi kugawa ndi 3 ikutipatsa 16666666 ndi chotsala 2, ndipo 2 mwa 3 waposa theka ndiye tilemba 16666667. Kugawa ndi 4 ikubwera 4166666 chotsala 3, tikweza, 4166667. Kugawa ndi 5 ikubwera 833333 chotsala 2, ameneyu sanafike theka la 5 ndiye timutaya. Kugawa ndi 6 ikubwera 138888 chotsala 5, tikweza kukhala 138889. Kuyambira apa zikuphweka chifukwa manambala afupika, ndi 7 tipeza 19841, ndi 8 tipeza 2480, ndi 9 tipeza 276, ndi 10 tipeza 28, ndi 11 tipeza 3, ndipo 3 kugawa ndi 12 sikufika ngakhale theka ndiye ndi 0, apa tiima.

Papepala lanu ziwoneke chonchi, manambala afoledwe bwino kumanja, dijiti pansi pa dijiti inzake. Kolamu yomalizayo ndi kuphatikiza komapita nako:

```
 n    chidutswa    zonse pamodzi
 0    100000000    100000000
 1    100000000    200000000
 2     50000000    250000000
 3     16666667    266666667
 4      4166667    270833334
 5       833333    271666667
 6       138889    271805556
 7        19841    271825397
 8         2480    271827877
 9          276    271828153
10           28    271828181
11            3    271828184
```

Bwezerani pointi, werengani madijiti 8 kuchokera kumanja, mwapeza 2.71828184. Tayang'anani momwe kolamu yomalizayo ikukhazikikira, pa n = 4 ndi 2.7 yekha amene wakhazikika, pa n = 5 wafika 2.71, pa n = 6 wafika 2.718, ndipo kuyambira apo mzere uliwonse ukubweretsa pafupifupi dijiti ina yatsopano. Ine ndimakonda kulemba kolamu imeneyi ngakhale kuti mutha kungophatikiza zonse kamodzi kumapeto, chifukwa mukalakwitsa mumaona msanga pamene zayambira kupotoka.

e yeniyeni ndi 2.718281828459..., mukairaunda pa madijiti 8 ndi 2.71828183. Ife tapeza 84 kumapeto osati 83. Sitinalakwitse kugawa kulikonse, 1 wowonjezerayo ndi wa kuraunda. Mizere 9 yaraundidwa, kuyambira n = 3 mpaka n = 11, ndipo uliwonse utha kuphonya ndi pafupifupi theka la dijiti yomaliza, ndiye zitati zonse zaphonyera mbali imodzi titha kusemphana ndi 4 kapena 5 pa dijiti yomalizayo. Nthawi zambiri zina zimakwera zina zimatsika nkumafafanizana, apa zokweza zachuluka pang'ono nchifukwa chake tapitirira ndi 1. Nchifukwa chake dijiti yomaliza siyokhulupirika ndipo yoyandikana nayo ndi yoikayikiranso mpaka mutaiyesa. Apa tachita mwayi, 2.7182818 yatuluka yolondola yonse.

Koma funso lenileni ndi ili, bwanji kalikuleta kulibe ndipo e simukuidziwa pamtima, mudziwa bwanji kuti mwafika poyenera kuima? Poti mndandanda sutha, zidutswa zomwe tasiya ndi zosawerengeka, ndipo zinthu zing'onozing'ono zosawerengeka zitha kuunjikana nkukhala chinthu chachikulu. Izi si nthabwala, mndandanda wa 1 + 1/2 + 1/3 + 1/4 + ... zidutswa zake zimachepanso koma ukamaphatikizidwa umakula mopanda malire. Ndiye kungoona kuti zidutswa zikuchepa si umboni. Pamafunika mpanda, ndipo wa e ndi wosavuta kwabasi:

```
zotsala pambuyo pa 1/n!  <  (1/n!) ÷ n
```

Kunena kwake, tengani chidutswa chomaliza chomwe mwalemba, muchigawenso ndi n yemweyo wa mzere umenewo, zonse zomwe mwasiya kutsogolo olo muziphatikize mpaka kalekale sizingafike pa nambala imeneyo.

Chifukwa chake tichione pa n = 6. Chidutswa chomaliza ndi 138889. Chotsatira ndi chimenechi kugawa ndi 7, chinacho kugawanso ndi 8, kenako 9, wogawira akukulirakulira. Tiyerekeze kuti wogawirayo sakukula, tizingogawa ndi 7 nthawi zonse. Zidutswa zoterozo zikhala zazikulupo kuposa zenizeni poti tikugawa ndi nambala yaing'ono. Ndipo 1/7 + 1/49 + 1/343 + ... ndi mndandanda wodziwika wa jometiriki, umakwana 1/6 ndendende. Ndiye zotsala zenizeni ndi zochepera 138889 kugawa ndi 6, yomwe ndi 23148. Ndiye kuti titaima pa n = 6 titha kulumbira kuti e ili pakati pa 2.71805556 ndi 2.71828704, ndipo poti manambala awiriwa akugwirizana pa 2.718, madijiti 3 amenewo ndi otsimikizika. Zotsala zenizeni pamenepo ndi 22627, ndiye mukuona kuti mpandawu suli patali ndi zoona, wapitirira pang'ono chabe.

Yesani pa n = 9. Chidutswa ndi 276, kugawa ndi 9 ndi pafupifupi 31. Ndiye e ili pakati pa 2.71828153 ndi 2.71828184, onse awiri mukawaraunda pa madijiti 6 akupereka 2.718282. Ngati mumafuna madijiti 6 okha mukanaima pomwepo, mizere iwiri yomalizayo inali yongowonjezera. Mutha kugwiritsanso ntchito lamuloli musanayambe nkomwe, kuti mudziwe kutalika kwa ntchito. Mwachitsanzo madijiti 10 amafuna kuti mufike pa n = 13, chifukwa 13! ndi 6227020800 ndipo kuichulukitsa ndi 13 ikupitirira 80 biliyoni, 1 kugawa ndi imeneyo sakhudzanso dijiti ya nambala 10. Pa n = 12 zimakhala zisanakwane. Pamenepo muyambe ndi 1 wa maziro 12, njira ndi yomweyo, kungoti mizere ndi yaitaliko.

Mwina wina afunsa kuti nanga fomula ina ija ya e, ya (1 + 1/n)^n, bwanji osagwiritsa imeneyo. Imeneyo ndi imene Jacob Bernoulli anakumana nayo mu 1683 akufufuza za chiwongoladzanja chomwe chimaberekanso chiwongoladzanja, ndipo ndi yoona, imalunjika pa e yemweyu. Koma pamanja ndi chilango. Pa n = 10 imapereka 2.5937, pa n = 100 imapereka 2.7048, pa n = 1000 ili pa 2.7169, ikadali kulephera dijiti yachitatu pomwe ife tinaipeza pa mzere wa n = 6. Kuperewera kwake kumakhala pafupifupi e kugawa ndi 2n, ndiye kuti mupeze madijiti 6 pamafunika n wa mamiliyoni. Ndi yabwino pomvetsa kuti e ndi chani, powerengera isiyeni.

Tsopano zolakwika zomwe zimachitikachitika ndi momwe mungazigwirire. Choyamba ndi kutaya kapena kuwonjezera dijiti pogawa, makamaka kwa amene akulemba ndi pointi ndi maziro. Tinene kuti pa n = 7 mwalemba 0.00198413 m'malo mwa 0.00019841, ziro mmodzi wasowa. Vuto lake silithera pamzere umenewo, mizere yonse ya pansi ikuchokera pamenepo ndiye yonse ikula ka 10, ndipo yankho litulukira cha pa 2.7203. Chizindikiro chake ndi chowonekeratu mukakhala tcheru, chidutswa cha n = 7 chakula kuposa cha n = 6, chomwe ndi 0.00138889, pomwe kugawa ndi 7 sikungakulitse nambala. Komanso 2.7203 wadumpha mpanda uja wa 2.71828704. Kuti mutsimikize mzere uliwonse, uchulukitseni ndi n wake muone ngati mukubwerera pa mzere wa pamwamba, 19841 × 7 = 138887, yasiyana ndi 138889 ndi 2 yekha amene ndi chotsala chija, ndiye zili bwino. Kusiyanako kusapitirire theka la n.

China ndi kuiwala kuti ma 1 oyambirira ndi awiri. Anthu amalemba 1 + 1/2 + 1/6 + ... nkupeza 1.718, madijiti a pambuyo pa pointi onse olondola koma kutsogolo kwaperewera 1 wathunthu. Woyamba ndi 1 wa x^0, wachiwiri ndi x mwini wake, onse ayenera kukhalapo. Enanso amasokoneza kuti agawe ndi chani, nkugawa ndi 5 kawiri kapena kudumpha 8, nchifukwa chake kolamu ya n ija ilembeni kaye yonse musanayambe kugawa.

Pali kayesedwe kena komwe ndimakakonda chifukwa sikafuna kugawa kwatsopano. Mu fomula ija ikani x = -1. Zidutswa ndi zomwezi, kungoti za n wosagawika ndi 2 zikhala ndi mainasi, ndipo yankho lake ndi e^-1, yomwe ndi 1/e. Ndiye phatikizani mizere ya n = 0, 2, 4, 6, 8, 10 payokha, ikubwera 154308064. Mizere ya n = 1, 3, 5, 7, 9, 11 payokha ikubwera 117520120. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza 271828184, yomwe ija, ndiye kuphatikiza kwanu kwayesedwa kachiwiri kudzera njira ina. Mukachotsera mupeza 36787944, ndiye kuti 1/e = 0.36787944. Tsopano e kuchulukitsa ndi 1/e iyenera kupereka 1. Tengani madijiti 5 okha kuti dzanja lisatope, 2.71828 × 0.36788 ikubwera 1.0000008, kapamwambako ndi ka kuraunda basi. Mukanakhala kuti munalakwitsa kugawa penapake pa mizere ya pamwamba, yankho limeneli silikanayandikira 1 chonchi. Kungoti ndi madijiti 5 simungagwire cholakwika chomwe chili pa dijiti ya 7 kapena 8, kuti mugwire chimenecho muyenera kuchulukitsa manambala onse athunthu.

Kachinthu kena kongodutsa, musapusitsidwe ndi 1828 amene akubwera kawiri mu 2.718281828. Munthu amaganiza kuti basi izingobwereza choncho ngati mmene 1/3 imachitira ndi ma 3, koma pambuyo pake pakubwera 459045 ndipo sizibwerezanso. Euler anasonyeza mu 1737 kuti e singalembedwe ngati fulakishoni ya manambala awiri athunthu, ndiye madijiti ake sangalowe mu kubwerezabwereza kosatha. Ngati mukufuna dijiti ya nambala 10 muiwerengere, osailosera.

Njira yomweyi imagwira pa x wina aliyense, kusiyana kwake nkoti pa mzere uliwonse muchulukitsa kaye ndi x kenako nkugawa ndi n. Titenge x = 0.5, yomwe itipatse sikweya ruti ya e. Kuchulukitsa ndi 0.5 ndi kugawa ndi 2, ndiye mzere uliwonse tingogawa ndi 2n, ndiye kuti ndi 2, 4, 6, 8, 10 mpaka kutsogolo. Kuyambira pa 100000000 tipeza 50000000, 12500000, 2083333, 260417, 26042, 2170, 155, 10, kenako 1. Zonse pamodzi ndi 164872128, ndiye 1.64872128 pomwe yeniyeni ndi 1.64872127, dijiti yomaliza yaphonyanso ndi 1 monga tinayembekezera. Yatha msanga kuposa ya e chifukwa x akachepa zidutswa zimafa mofulumira, ndipo mukachulukitsa 1.648721 ndi iyo yomwe mupeza 2.71828, komwe ndi kuyesanso kwina kwa ntchito yoyamba ija.

Pomwe njirayi imavuta ndi pa x wamkulu. Fomula imakhalabe yoona pa x aliyense, koma pamanja imasanduka mtolo. Pa x = 10, mzere uliwonse mukuchulukitsa ndi 10 nkugawa ndi n, ndiye n akadali wochepera 10 zidutswa zikukula m'malo mochepa, zimakwera mpaka cha pa 2755.7 pa n = 9 ndi n = 10 kenako nkuyamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo mpanda uja wa kugawa ndi n sugwiranso ntchito apa, unali wa x = 1. Kuli bwino kudula x mzidutswa. e^2 ndi e × e basi, 7.389056. e^2.5 ndi e × e × e^0.5, ndipo zonsezo muli nazo kale papepala. Siriizi muziigwiritsa pa kachidutswa kosapitirira 1, gawo lathunthulo muzichulukitsa ma e.

Choopsa kwambiri ndi x wamkulu wa mainasi. e^-10 ndi kanambala kakang'ono, pafupifupi 0.0000454, koma mukati muipeze mwachindunji muzikhala mukuphatikiza ndi kuchotsera manambala ofika masauzande awiri ndi kuposa kuti pamapeto patsale kameneko. Mukasunga madijiti 4 okha pambuyo pa pointi, zinyalala za kuraunda zimakula kuposa yankho lenilenilo, mutha kupeza ngakhale nambala ya mainasi pomwe e^x sikhala ya mainasi olo pang'ono. Mukaona yankho lanu ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi zidutswa zomwe mumaphatikiza, dziwani kuti madijiti ambiri afafanizana ndipo otsalawo ndi okayikitsa. Njira yake pezani kaye e^10 pochulukitsa ma e, e^2 kuchulukitsa yokha ikupatsani e^4, imeneyo yokha ikupatsani e^8, kenako kuchulukitsa ndi e^2 mufika pa 22026.47 kapena pafupi pomwepo malinga ndi madijiti omwe mwasunga, mukatero gawani 1 ndi nambala imeneyo.